Mzere umodzi wa dokotala, zigamulo zisanu za womasulira

Mwana wolemera makilogalamu 18 akapezeka ndi malungo, malangizo a mankhwala ake m'zikalata za Chingerezi sadzaza ngakhale mzere umodzi:

```
AL 20/120 mg, 2 tabs bd x 3/7
```

Mphunzitsi wa Chingerezi wa ku sekondale atha kuuyang'anitsitsa mzerewu osatolapo kanthu, ndipo si mlandu wake, chifukwa Chingerezi chenicheni mulibe m'menemo. Muli dzina la mankhwala lofupikitsidwa, chizindikiro cha muyezo, liwu lodulidwa mchira, Chilatini cha zilembo ziwiri, ndi kalembedwe ka masiku komwe kamadziwika m'zipatala mokha. Tsono tiyerekeze kuti mzerewu uli m'chikalata chomwe chapatsidwa kwa womasulira kuti atulutsemo kapepala ka Chichewa kopita kwa makolo. Pa chidule chilichonse ali ndi njira zitatu: kuchitambasula kuti chikhale mawu athunthu, kuchisiya momwe chilili, kapena kuchichotsa n'kuikapo china. Chodabwitsa n'chakuti mumzere waufupi chonchi njira zonse zitatu zigwira ntchito, ndipo amene angasankhe njira imodzi pa zonse alakwitsa penapake.

Omasulira ambiri akaona zilembo zachidule amathamangira kufunsa kuti zikuimira mawu ati. Funsolo n'lofunika, koma silithetsa nkhani. Lomwe limagamula ndi lina: wowerengayu adzakumananso nazo kuti zilembozi? Ngati adzaziona pa paketi, pa chitseko cha chipinda cha kuchipatala, m'kaundula kapena pa foni, ziyenera kuonekanso m'kapepala kake ndendende, kuti adzathe kufananitsa. Ngati sadzakumana nazonso kwina kulikonse, ndipo ntchito yake n'kumuuza chochita, zilembozo zichoke, pabwere mawu omveka. Tiyeni tiuyende mzere uja ndi funso limeneli.

Chidule cholondola chomwe chili cholakwika kuno

AL ndi zilembo zoyamba za mayina a mankhwala awiri ophatikizidwa m'piritsi limodzi, atemetha ndi lumefantirini. Zikalata za bungwe la WHO ndi za mayiko ambiri zimalemba choncho. Koma ku Malawi, chiyambire 2007 pamene mankhwalawa anakhala oyamba kuperekedwa kwa odwala malungo, mayinawo timawatchula motembenuza, ndipo aliyense amawadziwa kuti LA. Agogo a kumudzi amene sanapondeko m'kalasi adzakuuzani kuti mdzukulu wawo anam'patsa la. Mukawalembera AL, aganiza kuti kwabwera mankhwala atsopano. Mukawalembera mayina awiri aja athunthu, ndiye mwawasokoneza kotheratu, pakuti ngakhale amene anawapatsa mankhwalawo pa windo sanawatchule motero.

Apa ndiye kuti chidule chikulowedwa m'malo ndi chidule chinzake. Womasulira alemba LA, ndipo kutsogolo kwake aikako liwu louza munthu mtundu wa chinthucho: mankhwala a malungo a LA. Zilembozo zikhale zazikulu nthawi zonse, ngakhale anthu amazitchula ngati liwu limodzi, chifukwa m'Chichewa tili kale ndi kaliwu kathu koti la. Mukalemba kuti bokosi la la, wowerenga ayesa kuti wotayipa anabwereza mwangozi, ndipo mkonzi wakhama atha kufufutapo limodzi.

Kusinthaku kuli ndi malire ake, ndipo apa ndi pamene omasulira odzidalira amagwera. M'zikalata zomwezo mumapezekanso ACT. Ili si dzina la piritsi koma la gulu lonse la mankhwala a malungo ophatikiza, momwe muli LA komanso ena monga ASAQ. Womasulira amene wazolowera kuti LA ndiye amene anthu amawadziwa atha kumangolemba LA paliponse pamene pali ACT. Chiganizo choti wodwala amene sanachire apatsidwe ACT wina chimasanduka choti apatsidwe LA wina, ndipo malangizo atembenuka: m'malo mosintha mankhwala, akuuzidwa kubwereza omwewo. Pamenepa chofunika n'kutambasula, kunena kuti mankhwala ena a m'gulu lomweli, osati LA. Tionjezerenso kuti m'mabuku ena a zachipatala zilembo zomwezi LA zimatanthauza mankhwala ochititsa dzanzi pamalo amodzi, kwinanso mankhwala ogwira ntchito nthawi yaitali m'thupi. Kapepala ka malungo sikangasokoneze munthu pa zimenezi, koma amene akumasulira buku lalikulu la anamwino, lokhala ndi mutu wa malungo ndi mutu wa kusoka mabala, ayenera kuyang'ana LA aliyense payekha.

Chachiwiri mumzere uja ndi 20/120 mg. Mtima umafuna kuchichotsa, poti mayi wa mwana alibe sikelo yoyezera mamiligalamu. Koma manambalawa ndi amene akupangitsa kuti mawu oti mapiritsi awiri akhale oona. Piritsi lililonse lili ndi mamiligalamu 20 a mankhwala oyamba ndi 120 a achiwiri, ndipo pa mphamvu imeneyi mwana wa makilogalamu oyambira 15 osafika 25 amamwa awiri nthawi imodzi. M'mafamase ena mumagulitsidwa mapiritsi a mankhwala omwewa olembedwa 80/480, opangira akuluakulu kuti azimwa limodzi m'malo mwa anayi. Bambo amene wataya paketi ya kuchipatala n'kukagula ina m'tauni, ali ndi kapepala kongoti mapiritsi awiri, ampatsa mwana mlingo woposa woyenera kanayi. Choncho manambalawa akhale, ndipo akhale mofanana ndi momwe alembedwera pa paketi, limodzi ndi mg wakeyo.

Zizindikiro za miyezo monga mg, ml ndi kg sizimasuliridwa m'zilankhulo zambiri zomwe zimalembedwa ndi zilembo zathuzi. Mfalansa, Mpwitikizi ndi Mchewa onse amalemba mg. Sizitenga mpumiro kumapeto, sizichulukitsidwa, ndipo chilembo chaching'ono sichisanduka chachikulu chifukwa choti mutu wa nkhani walembedwa m'zilembo zazikulu. Chomwe womasulira angachite n'kulemba liwu lathunthu koyamba, kuti mamiligalamu, kenako n'kuonetsa chizindikirocho pafupi. Chimodzi chokha n'chofuna kuchiopa: µg, kutanthauza maikulogalamu, yomwe ndi yochepa ka 1,000 poyerekeza ndi miligalamu. M'mafayilo ena akale kachilembo ka Chigiriki koyambirirako kanalembedwa ndi mtundu wapadera wa zilembo, ndipo fayilo ikasamutsidwa n'kusinthidwa kalembedwe, kamasanduka m wamba. Mavitamini a amayi oyembekezera olembedwa 400 µg amatuluka m'makina osindikizira ali 400 mg, womasulira asanakhudzepo n'komwe. Amene anaziona kale izi amalemba liwulo lathunthu, ndipo amafananitsa nambala iliyonse ndi chikalata choyambirira pa pepala lomaliza losindikiza, osati pa fayilo yake yokha.

Za tabs palibe chovuta: ndi mapiritsi, basi.

Zilembo ziwiri zobisa wotchi

Pa bd ndi pamene ntchito yeniyeni ili. Ndi chidule cha mawu a Chilatini otanthauza kawiri pa tsiku, ndipo chili ndi abale ake: od kamodzi, tds katatu, qds kanayi. Palibe kholo lomwe lifunika kudziwa zilembozi, ndipo palibe paketi yomwe lidzazifananitse nayo. Zichoke. Koma zikachoka pabwere chiyani?

Womasulira wofulumira alemba kuti m'mawa ndi madzulo, chifukwa umu ndi momwe timanenera. Pa masiku awiri omaliza n'zoona. Koma LA ali ndi lamulo lake pa tsiku loyamba: mlingo wachiwiri umamwedwa pakatha maola 8 chimwere woyamba. Mwana amene wamwa woyamba kuchipatala 10 koloko m'mawa amwa wachiwiri 6 koloko madzulo, ndipo apa mawu a womasulira agwirizana ndi lamulo mwamwayi. Nanga amene wafika kuchipatala mochedwa, n'kumwa woyamba 3 koloko masana? Wachiwiri ndi wa 11 koloko usiku. Mayi wowerenga kuti m'mawa ndi madzulo ali ndi njira ziwiri, zonse zolakwika: amwetse mwana dzuwa likamalowa patangotha maola atatu, kapena adikire mpaka kutacha.

Taonani chomwe chachitika. Dokotala amene analemba bd ankalembera mnzake wodziwa kale za maola 8 aja, choncho sanaone chifukwa chowatchula. Chidule chinanyamula theka la uthenga, theka linalo linali m'mutu mwa owerenga. Womasulira akachitambasulira munthu wamba, theka lobisikalo limasowa, pokhapokha wina alibweretse. Si udindo wa womasulira kulipeka yekha, ngakhale atalidziwa. Udindo wake n'kuona kuti pali dzenje, kufufuza ngati chikalatacho chanena za maola 8 pa tsamba lina, ndipo ngati sichinanene, kubwerera kwa mwini chikalata ndi funso lolemba. Ine ndimaona kuti womasulira wa zachipatala amene wabweza ntchito ya masamba makumi awiri popanda funso ngakhale limodzi ndi wofunika kumukayikira kuposa amene wabwera ndi mafunso khumi.

Zidule za Chilatinizi zimavutitsa ngakhale eni ake. Ku Amereka od imadziwika kwambiri ngati diso lakumanja, ndipo kamodzi pa tsiku ankalemba qd, yomwe ikalembedwa ndi dzanja lothamanga imaoneka ngati qid, kanayi pa tsiku. Mu 2004 bungwe lomwe limayendera ndi kuvomereza zipatala za m'dzikolo linakhazikitsa mndandanda wa zidule zoletsedwa, ndipo qd inali momwemo, pamodzi ndi U ndi IU zomwe zimawerengeka ngati manambala, ndi MS yomwe imatha kuimira mankhwala awiri osiyana kwambiri. Kwa ife phunziro lake n'lakuti womasulira azidziwa dziko lomwe chikalata chachokera asanatambasule chilichonse. Pa mankhwala a m'maso, od wa m'chikalata cha ku Britain ndi od wa m'chikalata cha ku Amereka akunena zinthu ziwiri.

Chatsala ndi 3/7. Munthu wa masamu aona kachigawo, mlembi wa mu ofesi aona pa 3 Julaye. M'zipatala zotsata mwambo wa ku Britain, monga zathu, ndi masiku atatu: nambala ya m'munsi ikunena muyezo, 7 wa masiku a pa sabata. Momwemonso 2/52 ndi masabata awiri, 1/12 ndi mwezi umodzi. Izinso zitambasulidwe. Ndipo pali kanjira kosavuta kodziyesera nokha ngati mwamasulira bwino: chulukitsani. Mapiritsi awiri, kawiri pa tsiku, masiku atatu, ndi mapiritsi 12, ndipo paketi ya LA ya mwana wa msinkhu umenewu imakhaladi ndi 12. Masamu akakana kugwirizana ndi paketi, chidule china mwachimva molakwa.

Mzere uja, utadutsa m'zigamulo zonsezi ndi kuvomerezedwa ndi mwini chikalata, utha kumveka motere: Mwana wolemera makilogalamu 15 mpaka osafika 25 amwe mankhwala a malungo a LA, olembedwa 20/120 mg pa paketi. Amwe mapiritsi awiri nthawi imodzi. Tsiku loyamba amwe awiri pompano, ena awiri pakatha maola 8. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu amwe awiri m'mawa, awiri madzulo. Onse pamodzi ndi mapiritsi 12, ndipo amalize onse ngakhale ataoneka kuti wachira.

Mawu achuluka kasanu kapena kuposa, ndipo wokonza tsamba adandaula kuti sakwana m'kabokosi komwe Chingerezi chinakwana. Dandaulo limeneli ndi limene limabwezeretsa zidule m'zomasulira zambiri. Malo akachepa, chochotsa chikhale chithunzi chokongoletsa kapena mawu a malonje, osati maola 8.

Mzere womwewo, wowerenga wina

Tisinthe wowerenga. Chikalata chomwecho chikumasuliridwa kuti chikhale chikumbutso cha alangizi a zaumoyo amene amaona ana m'makiliniki a m'midzi. Zigamulo zina zitembenuka. Chipangizo choyezera malungo pobaya chala, kwa mayi, ndi kuyeza magazi a pa chala, ndipo zilembo mRDT sizimuonjezera kanthu. Kwa mlangizi zilembozo ziyenera kukhala, chifukwa ndi zomwe zili pamwamba pa danga la m'kaundula, pa fomu ya lipoti la pa mwezi ndi pa pepala loitanitsira katundu. Mukamulembera kuti kachipangizo koyezera malungo mwachangu paliponse, mwamupatsa ntchito yomasulira mobwerera nthawi iliyonse akamadzaza fomu, ndipo tsiku lina adzalemba nambala m'danga lolakwika. Ngakhale m wamng'ono woyambirirayo asiyidwe momwemo. Amasiyanitsa chipangizo cha malungo ndi zinzake zoyezera matenda ena, ndipo makompyuta amakonda kumukulitsa akakhala koyambirira kwa chiganizo.

Nayenso bd atha kukhala m'chikumbutso cha mlangizi, atafotokozedwa kamodzi, poti adzamuona m'mabuku a kuchipatala a ana amene abwera kuchokera kwa dokotala. Koma pamalo pomwe chikumbutsocho chikumupatsa mawu oti akauze mayi, bd achoke. Tsamba limodzi, owerenga awiri, ndipo womasulira azidziwa pa chiganizo chilichonse kuti akulankhula ndi uti.

Pali zidule zina zofuna zonse ziwiri, zilembo ndi dzina lodziwika. SP ndi chitsanzo chabwino. Amayi oyembekezera amapatsidwa mapiritsi atatu a SP ku sikelo kuti atetezedwe ku malungo, ndipo m'buku lawo mumalembedwa SP. Koma pakamwa pa anthu dzina lake ndi fansida, lomwe kwenikweni ndi dzina la malonda la kampani imodzi ndipo silipezeka pa botolo lililonse. Kulemba fansida yekha kumusiya mayi osazindikira zomwe zili m'buku lake. Kulemba SP yekha kumusiya osadziwa kuti ndi mankhwala omwe amawadziwa kale. Choncho koyamba timalemba kuti mapiritsi a SP, omwe ambiri amawatcha fansida. Komanso mbiri imalowererapo. Kuyambira 1993, pamene Malawi analeka kudalira kolokwini, mpaka 2007, SP ndiye anali mankhwala ochizira malungo, ndipo apongozi ambiri amamukumbukira motero. Kapepala kasaiwale liwu loti oteteza, kuopa kuti wina angaganize kuti mpongozi wake wadwala, kapena kuti mapiritsiwo ndi osungira tsiku lomwe wina adzatenthe thupi.

Chichewa chilinso ndi vuto lake lomwe Chingerezi sichidziwa. Dzina lililonse m'chiganizo chathu limalamula agwirizanitsi a mawu otsatira, tsono chidule chili m'gulu liti la mayina? Anthu anagamula okha pa zomwe amazitchula tsiku ndi tsiku. Timati TB yamugwira, ma ARV atha, LA wathandiza. Pa chidule chachilendo palibe chigamulo chotero, ndipo womasulira amapezeka walemba PCR yachitika pa tsamba loyamba ndi PCR wachitika pa lachitatu. Njira yotulukira ndi yomwe tinaiona kale ija, kutsogoza dzina la Chichewa kuti ilo linyamule chiganizo: kachirombo ka HIV, bungwe la WHO, kuyeza kwa PCR. Akadaulo a Chingerezi amanyansidwa ndi kubwereza kotere, poti V wa mu HIV akutanthauza kale kachirombo. Kwa ife V ameneyo sanena kanthu, ndipo liwu lotsogolalo likugwira ntchito ziwiri, kukonza galamala ndi kuuza wowerenga kuti chinthucho ndi cha mtundu wanji.

Zidule zina zinalowa m'chilankhulo mpaka kuiwalika kuti zinali zilembo. Agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, lomwe linali WNLA pa mapepala. Chimanga tinkagula ku Adimaki. AIDS, dzina lomwe linakhazikitsidwa mu 1982, linasanduka Edzi, ndipo palibe amene angaganize zolitambasula m'kapepala ka makolo. Zotere womasulira amazilemba momwe anthu amazitchulira, pokhapokha ngati akunena za fomu kapena chikwangwani chomwe chili ndi zilembo zoyambirira.

Koma chidule chikalowa m'chilankhulo chimatha kusintha tanthauzo m'njira, ndipo apa pali msampha wosaoneka. M'Chingerezi cha kuchipatala BP ndi muyezo womwe munthu aliyense wamoyo ali nawo. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku BP ndi matenda: amayi anga ali ndi BP, usandikwiyitse ungandikweze BP. Chiganizo cha Chingerezi chonena kuti mayi aliyense woyembekezera alembedwe BP yake, chikasiyidwa choncho, ena achimva ngati chikunena amayi odwala okha. Chonena kuti BP yotsika ndi chizindikiro choopsa chimveka ngati chikudzitsutsa, poti kwa ambiri kutsika kwa BP ndiko kuchira. M'ziganizo zotere ndi bwino kutambasula, kunena za kuthamanga kwa magazi, ndi kuonetsa kuti kungakwere mopitirira kapena kutsika mopitirira. Kudziwika kwa chidule si umboni woti anthu amachimva momwe wolemba anafunira.

Nanga bwanji osangopanga zidule zathu? Afalansa ndi Apwitikizi anatero: WHO kwa iwo ndi OMS, AIDS ndi SIDA. Omasulira ena amayesa, n'kutenga zilembo zoyamba za Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse kuti apange chidule cha Chichewa. Sizigwira, ndipo chifukwa chake si kuchepa kwa chilankhulo. OMS imakhala ndi moyo chifukwa ili pa zikalata za boma, pa nyuzi, pa magalimoto ndi m'kamwa mwa nduna. Chidule chopangidwa ndi womasulira mmodzi chili m'kapepala kamodzi kokha, ndipo wowerenga akachifunsa kwa namwino, namwino sachidziwa. Ndiye kuti mwamuphunzitsa chinthu chomwe sadzakumana nachonso.

Nkhani ya Chipwitikiziyi imatikhudza mwachindunji. Anthu a ku Angonia, mbali zina za Tete ndi ku Niassa amalankhula chilankhulo chathu chomwechi, koma zipatala zawo zimalemba m'Chipwitikizi. Kumeneko mankhwala otalikitsa moyo ali pansi pa zilembo TARV, thanzi wa ana otsegula m'mimba yemwe ife timamudziwa ndi ORS ndi SRO, chipangizo choyezera malungo ndi TDR. Kapepala komasuliridwa ku Lilongwe katha kumveka bwinobwino kutsidya la malire m'mawu ake onse, n'kulephera pa zidule zokha. LA wathu uja sali pa chikalata chilichonse cha kumeneko. Amene akumasulira zopita mbali zonse ziwiri afunika makope awiri, kapena atchule zilembo zonse ziwiri poyera. Asamalenso manambala, popeza Chipwitikizi chimalemba 0,5 pamene ife timalemba 0.5.

Zidule zimakalambanso msanga kuposa mawu. Ntchito yoyeza HIV yatchedwa VCT, kenako HTC, kenako HTS, akatswiri akusintha maganizo pa zomwe ziyenera kutsindikidwa. Nthawi yonseyi anthu akhala akungoti kukayezetsa magazi. Kapepala kolembedwa ndi mawu amenewa sikanakalambe. Chidule chingafunike pokhapokha polozera munthu chitseko, ndipo pamenepo womasulira afunse zomwe zalembedwa pa chitsekocho lero, osati zomwe zili m'chikalata cha zaka khumi zapitazo.

Lamulo lomwe ambiri anaphunzira ndi lakuti chidule chimatambasulidwa koyamba kokha, kenako chimayenda chokha. Limathandiza m'nkhani yowerengedwa kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zolemba za ntchito siziwerengedwa choncho. Mlangizi amatsegula buku pa tsamba la malungo mwana ali pamiyendo pa mayi ake, sabwerera ku tsamba 2 kukafuna tanthauzo. Tchati chimadulidwa m'buku n'kumatidwa pa khoma chokha. Choncho kufotokozako kubwerezedwe pa mutu uliwonse ndi pansi pa tchati chilichonse chomwe chingayende pachokha. Komanso pomasulira timasuntha ziganizo, ndipo kawirikawiri chiganizo chomwe chinali ndi tanthauzo chimapezeka chatsikira m'munsi mwa china chomwe chagwiritsa kale ntchito chidulecho. Pomaliza ntchito ndi bwino kusaka chidule chilichonse m'fayilo ndi kuona ngati malo ake oyamba ndi omwe ali ndi tanthauzo. Uthenga ukakhala wopita pa wailesi, zilembo zomwe anthu sazitchula pakamwa zichoke zonse, chifukwa womvera sangabwerere m'mbuyo.

Omasulira osamala amayamba ndi kaundula wa zidule asanamasulire chiganizo choyamba. Pa chilichonse amalemba tanthauzo lake m'chikalata chimenechi, osati tanthauzo loyamba lomwe apeza pofufuza, malo omwe wowerenga adzachionenso, chigamulo, ndi mgwirizanitsi amene chidzatenge m'chiganizo. Buku likagawidwa kwa omasulira atatu, kaundulayu ndi amene amaletsa kuti mutu woyamba unene LA, wachiwiri AL, wachitatu mayina athunthu, wowerenga n'kuganiza kuti ndi mankhwala atatu.

Kuyesa komaliza sikuchitikira pa desiki. Mabungwe ambiri amakonda kupereka zomasulirazo kwa womasulira wachiwiri kuti azibwezere m'Chingerezi, n'kufananitsa. Njira imeneyi imagwira zolakwa zina, koma pa zidule ndi yakhungu: chidule chosiyidwa osamasulira chimabwerera chili bwinobwino, ndipo onse amasangalala kuti palibe chasokonekera, chonsecho mayi sanamvepo kanthu. Kuyesa kothandiza n'kupatsa kholo kapepalako pamodzi ndi mapaketi awiri, ya 20/120 ndi ya 80/480, n'kulipempha kuti lisankhe yoyenera, litulutse mapiritsi a nthawi yoyamba, ndipo linene ola lomwe lidzamwetse mwana kachiwiri ngati wamwa koyamba 3 koloko masana. Osafunsa kuti mwamva, chifukwa mwaulemu aliyense avomera. Likasankha paketi yolakwika, manambala a mphamvu ya piritsi sakuoneka mokwanira ndipo afunika kukwezedwa pamwamba kapena kudetsedwa. Likayankha kuti madzulo kapena mawa m'mawa, chiganizo cha maola 8 chilembedwenso, mwina ndi chitsanzo cha nthawi pambali pake, n'kuyesanso ndi kholo lina lomwe silinaone kope loyamba.